Mnyamata wocheuka uja: kamatidwe ka mayina pa chithunzi cha anthu atatu

Alamu anga ndi mlembi wa gulu la banki m'khonde ku Senga Bay. Tsiku lina anafika kwathu ku Kamuzu Road ali ndi dandaulo. Mamembala ena akatenga ngongole yoti akaode usipa, ndalamayo imathera ku zina, ndipo tsiku lobweza likafika amangoyang'ana pansi. Anali atanena pamsonkhano kangapo konse, koma mawu sankalowa. Ndiye anati, "Alamu, tandipangireniko chithunzi chija cha mnyamata wocheuka, ndiponye pa WhatsApp ya gulu lathu. Mwina akaseka amva."

Tinachipanga katatu chisanakhale bwino. Njira imene ndikulemba pano inachokera pa zolakwika za tsiku limenelo, chifukwa ambiri amene amapanga zithunzi zoterezi amapunthwa pamalo omwewo.

Yambani mwachiyang'anitsitsa chisanalembedwe kanthu

Chithunzichi chili ngati chikombole cha njerwa. Dothi mumabwera nalo nokha, koma maonekedwe a njerwa anakhazikika kale, ndipo simungawasinthe. Pa intaneti chimadziwika ndi dzina lakuti Distracted Boyfriend. Anachijambula ndi Antonio Guillem mumzinda wa Girona ku Spain m'chaka cha 2015, kuti azigulitsa kwa otsatsa malonda ndi olemba nkhani. Anthu atatuwo sanali pachibwenzi chenicheni, ankangosewera pamaso pa kamera. Chinadzatchuka dziko lonse mu Ogasiti 2017, anthu atayamba kumata mayina pa aliyense wa atatuwo.

Tachionani bwino. Pakati pali mwamuna wovala shati ya mandalasi, wagwirana dzanja ndi chibwenzi chake, koma khosi walipotokola, milomo waisongola ngati akuimba mluzu. Kumanja kuli chibwenzi chakecho, wavala bulauzi yobiriwira motuwa, pakamwa yasa, maso ali pa mwamunayo. Kumanzere, kufupi ndi ife oonera, kuli mkazi wa diresi yofiira amene wangowadutsa. Iyeyu sakuoneka bwinobwino, kamera inamusiya mwachimbuuzi, ndipo sakudziwa n'komwe kuti wina akumuyang'ana.

Zimenezi zikutanthauza kuti chithunzicho chayankhula kale zinthu ziwiri inu musanalembe chilembo. Chanena chochitika, chomwe ndi kucheukira china uli ndi chako m'manja. Chaperekanso chigamulo, chifukwa nkhope ya mkazi wa kumanja ikuti zimenezi n'zolakwika. Ntchito yotsala kwa inu ndi imodzi yokha, kutchula kuti uyu ndani, uyu ndani, uyo ndani.

Lembani chiganizo chimodzi papepala musanagwire foni

Chiganizocho chikhale chotere: wapakati akunyalanyaza wa kumanja chifukwa wakopeka ndi wa kumanzere. Ikani nkhani yanu m'malo atatuwo, muiwerenge mokweza. Ikakana kulowa, ndiye kuti chikombole ichi si chake, musaikakamize.

Ife tinadumpha sitepe imeneyi, ndipo n'chifukwa chake chithunzi choyamba chinatuluka chozondoka. Alamu anga anaona kuti mkazi wa diresi yofiira ndiye wamkulu pachithunzipo, ali kutsogolo, akuwala. Anati, "Chinthu chabwino chikhale pamenepa, anthu achione msanga." Choncho tinalemba "Geni ya usipa" pa diresi yofiira, "Foni yatsopano" pa mkazi wa kumanja. Titawerenga monga mwa chiganizo chija, zinamveka kuti munthuyu akusiya foni yake yokhulupirika chifukwa wakopeka ndi geni, ndipo foniyo yakwiya. Ndi nkhani ina kotheratu, yotembenuza zimene tinkafuna kunena. Pachikombole ichi malo owala si a chinthu chabwino. Ndi a nyambo.

Woyamba kumupatsa dzina akhale wa kumanja

Ambiri amayamba ndi wa diresi yofiira chifukwa ndi pamene pali nthabwala. Ine ndimati yambani ndi mkazi wokwiyayo, pakuti mphamvu yonse ya chithunzichi ili pa dzanja logwirana lija. Dzina limene mulembe pa iye liyenera kukhala la chinthu chimene chili ndi ufulu wodandaula, chimene wapakatiyo anachilonjeza, kapena chimene ali nacho ngongole. Dzifunseni kuti, kodi chinthu ichi chitakhala ndi pakamwa chinganene kuti "nanga ine?"

Geni ya usipa inganene choncho, chifukwa munthu anaimirira pamaso pa gulu n'kunena kuti ndalama akukaodera nsomba. Fizi ya mwana inganene choncho. Feteleza wobereketsa chimanga anganene choncho. Koma mutalemba "Chambo" kumanja ndi "Kampango" kumanzere, anthu aona zithunzi za nsomba ziwiri m'maganizo mwawo, osaseka. Palibe amene anapangana ndi chambo kuti adzadya icho chokha. Kumeneko n'kusiyana kwa makonda chabe, ndipo mkwiyo wa mkazi uja umasowa pogwira. Mukaona kuti chithunzi chanu n'chozizira pamene mawu onse ali bwino, kawirikawiri vuto limakhala pamenepa.

Kenako dzina la kumanzere. Likhale chinthu chokoma lero, chosakhalitsa, ndiponso chopikisana ndi cha kumanja pa ndalama imodzimodziyo kapena nthawi imodzimodziyo. Pa nkhani yathu ndalama inali K150,000 ya ngongole. Ikapita ku foni, siipitanso ku usipa. Owerenga ayenera kuona okha kuti zonse ziwiri sizingatheke. Ndipo likhale lolunjika. "Zosangalatsa" ndi dzina lofooka, aliyense amaganiza kuti akunena mnzake. "Foni yatsopano" limaluma, chifukwa pagulupo panali anthu oposa mmodzi amene anabwera pamsonkhano ndi foni yonyezimira pamene thandala loyanikapo nsomba lili mbee.

Dzina lapakati ndilo limasankha mtundu wa nkhani

Apa ndi pamene ndimafuna muchedwepo, chifukwa chithunzi chomwechi chimanena zinthu zitatu zosiyana malinga ndi amene mwamuika pakati, komanso malo amene inu wolemba mwaima.

Mukalemba "Ine" pakati, nkhaniyo ndi ya mayesero. Mukuvomera kuti mtima wanu ndi umene ukucheuka. Owerenga amaseka momasuka chifukwa palibe amene walozedwa chala, ndipo aliyense amadzilowetsa yekha mu "Ine" ameneyo. Kumbukirani kuti mwamuna wa pachithunzipo sanachoke. Dzanja la chibwenzi chake akadaligwira, wangotembenuza khosi. Ndi kamphindi kaja munthu uli ndi ndalama m'thumba, waima pa shopu ya mafoni, basi ya ku nyanja ikuitanira.

Mukaika munthu wina pakati, inu n'kuima pamalo pa mkazi wa kumanja, nkhaniyo yasanduka ya kusakhulupirika. Chitsanzo chimene aliyense wa okala amachidziwa ndi ichi: pakati "Kasitomala wanga wa ngongole", kumanja "Okala yanga", kumanzere "Shopu ina akapeza kashi". Apa mawu akuti "wanga" ndi "yanga" ndi amene akugwira ntchito. Akuuza owerenga kuti wolembayo ndiye wolakwiridwa, ndipo nkhope yokwiya ija ndi yake. Mukawachotsa, chithunzicho chimangokhala ndemanga ya munthu wodutsa.

Mtundu wachitatu ndi wa kusankha molakwika. Apa wolemba sali pakati, salinso kumanja, waima pambali ngati mboni, ndipo nthabwala imachokera pakuti aliyense akuona kuti cha kumanzere n'chochepa mtengo poyerekeza ndi chimene chikusiyidwa. Tinene kuti pakati mwalemba "Msodzi", kumanja "Chambo cha chaka chamawa", kumanzere "Neti ya udzudzu". Munthu wa kunyanja safuna kumufotokozera. Akudziwa kuti maso a neti ya udzudzu ndi aang'ono kwambiri moti imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo akudziwa chifukwa chake pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula. Koma mtundu uwu umafuna kusamala, chifukwa pakati mwaikapo gulu lonse la anthu. Asodzi ambiri sagwiritsa neti yotere, ndipo akaona dzina lawo pamenepo akwiya ndi chifukwa chomveka. Kuchepetsa dzinalo kuti likhale "Msodzi wadyera" kumathandiza.

Chithunzi chathu chachiwiri chinagwa pamenepa. Mayina a m'mbali tinali titawakonza, koma pakati tinalemba "Mamembala ena". Alamu anga anachiyang'ana kanthawi, kenako anapukusa mutu. "Ayi alamu, ichi chikatuluka kwa ine mlembi, anena kuti ndikuwanena. Ndipo onse akudziwa kuti 'ena' amenewo ndi ndani." Ankanena zoona. Pagulu la anthu makumi awiri, mawu akuti "ena" ndi dzina la munthu. Tinasintha n'kulemba "Ine nditalandira ngongole". Mawu a m'mbali anakhala omwewo, koma chithunzicho chinachoka pa mlandu n'kukhala chivomerezo chimene aliyense angathe kuchisenza.

Fupikitsani mawu

Dzina lililonse lisapitirire mawu atatu kapena anayi. Chichewa chathu chili ndi mawu aatali, "nditalandira" yekha akudya malo a mawu atatu achizungu, ndiye muyenera kuwerengera zilembo, osati mawu okha. Musalembe aneni ofotokoza zimene chithunzi chikuonetsa kale, monga "akusiya", "wakopeka", "wakwiya". Musawonjezenso mawu oweruza monga "zoipa" kapena "zabwino". Nkhope zija zagwira kale ntchito imeneyo, ndipo mukaibwereza m'mawu nthabwala imafa. Mneni amene amaloledwa ndi wonena nthawi, monga "nditalandira" kapena "akapeza kashi", chifukwa amauza owerenga mphindi imene kucheukako kukuchitika.

Yesetsaninso kuti mayina awiri a m'mbali akhale ofanana kamangidwe. "Geni ya usipa" ndi "Foni yatsopano" onse ndi mayina a zinthu, otalika mofanana, ndipo diso limawayerekeza mwachangu. Dzina la chinthu mbali ina, chiganizo chathunthu mbali inayo, zimapangitsa wowerenga kuima kaye kuti aganize, ndipo akaima nthawi yosekera yadutsa.

Tsopano gwirani foni

Njira yosadya bandulo yambiri ndi ya WhatsApp yomweyo. Pezani chithunzi chopanda mawu, muchisunge m'foni. Chisankheni pa WhatsApp monga mmene mumachitira potumiza chithunzi, ndipo musanatumize dinani chilembo T chimene chili pamwamba. Lembani dzina loyamba, mulivomereze, kenako mulikoke ndi chala kupita nalo pamalo pake. Kulikulitsa kapena kulichepetsa mumachita ndi zala ziwiri. Dinaninso T pa dzina lachiwiri, chimodzimodzinso lachitatu. Dzitumizireni nokha kaye, osati kugulu.

Amene ali ndi intaneti yokwanira angatsegule webusaiti ya Imgflip, n'kusaka Distracted Boyfriend. Chikombolecho chimabwera ndi mabokosi atatu olembamo, ndipo zilembo zake zimakhala zoyera zokhala ndi mzere wakuda m'mbali. Onetsetsani kuti bokosi lililonse lagwera pa munthu woyenera musanasunge, chifukwa kusinthanitsa kuja kumachitikanso apa mosazindikira. Enanso amagwiritsa pulogalamu ya pafoni ya PixelLab, imene imalola kusankha mtundu wa zilembo ndi kukula kwa mzere wa m'mbali.

Njira iliyonse imene mwasankha, mawu akhale pachifuwa kapena pamsana pa munthu, asaphimbe nkhope. Mukaphimba maso a mwamunayo, mwachotsa kucheuka. Mukaphimba pakamwa pa mkazi wa kumanja, mwachotsa chigamulo. Zovala zitatuzo sizilandira zilembo mofanana. Pa diresi yofiira zilembo zoyera zimaoneka bwino zokha. Pa shati ya mandalasi zimasokonekera m'mizere, ndipo pa bulauzi yotuwa ija zimazimirira. Pa malo awiriwa pamafunika mzere wakuda m'mbali mwa zilembo, kapena kabokosi kakuda kumbuyo kwake. Malo a mkazi wa kumanja ndi opanikizika kuposa ena, choncho dulani dzina lake m'mizere iwiri: "Geni ya" pamwamba, "usipa" pansi. Musadule liwu pakati, ndipo dzina la munthu mmodzi lisatalike mpaka kukhudza mnzake, chifukwa owerenga sadziwanso kuti ndi la ndani.

Chithunzichi n'chopingasa, pamene foni timaigwira choimirira. Pa sitetasi chimaoneka chaching'ono pakati pa sikirini, m'mwamba ndi m'munsi muli mdima. WhatsApp imachepetsanso ubwino wa chithunzi potumiza. Ndiye zilembo zimene zikuoneka zokwanira pamene mukukonza zimadzafika kwa anzanu zili ngati nyerere. Zikulitseni kuposa mmene mukuganizira. Ngati mumalemba ŵ wa kadenga, onani ngati watuluka bwino, chifukwa mitundu ina ya zilembo ilibe chilembo chimenechi ndipo imaika kabokosi m'malo mwake.

Chiyeseni pa munthu amene sanamve nkhaniyo

Ife tinaitana azakhali amene ankasankha mpunga pakhonde. Ndinawapatsa foni osanena kanthu, n'kuwafunsa kuti, "Azakhali, apa mukuonapo chiyani?" Anaiika patali ndi maso, anawerenga mayina atatuwo mmodzimmodzi, kenako anaseka n'kunena kuti, "Ameneyu watenga ndalama za gulu, m'malo mokaoda nsomba maso ali pa foni. Aona polekera." Ananena chiganizo chathu chija pafupifupi liwu ndi liwu, ngakhale kuti chithunzicho anali asanachionepo chibadwire. Umu ndi mmene mumadziwira kuti chatheka. Munthu akafunsa kuti "ndiye mtsikana wofiirayu ndi ndani?" kapena akayamba kukamba za chibwenzi cha anthuwo, mayina anu sanagwire, bwererani kumanja mukayambirenso.

Azakhali anafunsanso funso limene linandionetsa malire a chikombole ichi. Anati, "Nanga pamapeto pake zinatha bwanji?" Chithunzichi sichiyankha zimenezo. Sichionetsa tsiku lobweza ngongole, sichionetsa gulu likubwera kudzatenga katundu. Chimagwira mphindi imodzi yokha, mtima usanagamule. Ngati uthenga wanu ndi wa zotsatira, fufuzani chikombole china. Sichiyeneranso poyerekeza zinthu zitatu zofanana, monga mitengo ya mpunga m'misika itatu, chifukwa wapakati si chinthu choyerekezedwa, ndi wosankha.

Pamene muyenera kuima

Musalembe dzina lenileni la munthu pa aliyense wa atatuwo, makamaka pa diresi yofiira. Chithunzichi pachiyambi pake ndi cha mwamuna wosakhulupirika, ndipo mukangoika dzina la munthu weniweni, tanthauzo loyambalo limabwerera ndi mphamvu zake zonse. Mwina inu mumanena za geni, koma owerenga aona kuti mwanena kuti mayi uje akulanda mwamuna wa mwini. Kuno kwathu chithunzi chotere chimafika kwa apongozi dzuwa lisanalowe, ndipo simungachibwezenso. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi ndime zoletsa kuzunza ndi kunyoza anthu kudzera pa intaneti, koma ngakhale nkhani isanafike kupolisi, banja la munthu limakhala litagwedezeka kale.

Achinyamata ena amakonda kujambula chawochawo, atatu kuima pamchenga ku Senga Bay n'kutsanzira. Zimatheka bwino, bola wojambula aime kutsogolo kwa wodutsayo, awiriwo akhale kumbuyo kwake akulowera kwina, dzanja logwirana lioneke, ndipo nkhope zonse zitatu zikhale poyera. Koma onse atatu avomere akudziwa kuti chithunzi chikatuluka, wina adzafufuta mayina anu n'kuikapo ake. Amene amavutika kwambiri pamenepo ndi mtsikana amene waima pamalo pa wodutsayo.

Ngati mukufuna kutsatsa malonda, dziwani kuti chithunzi cha Guillem chili ndi mwini, ndipo kuchigwiritsa ntchito pa bizinesi kumafuna kugula chilolezo. Palinso nkhani ya ulemu. Mu 2018 kampani ya intaneti ya ku Sweden yotchedwa Bahnhof inachigwiritsa ntchito poitana anthu ofuna ntchito, itadziika yokha pa diresi yofiira, ndipo bungwe loona za kutsatsa malonda m'dzikomo linagamula kuti kutsatsako kunali konyoza, chifukwa kunasandutsa akazi kukhala zinthu zosankhidwa. Madandaulo amenewa ndimawamva. N'chifukwa chake ndimakonda kuti m'mbali muzikhala zinthu monga geni, foni, fizi kapena neti, osati mitundu ya anthu.

Alamu anga anatumiza chithunzi chachitatu Lachinayi madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti gulu ligawe ngongole zatsopano. Sanalembe mawu ena pansi pake, ndinawapempha kuti asatero. Pakati panali "Ine nditalandira ngongole", kumanja "Geni ya usipa", kumanzere "Foni yatsopano". Usiku womwewo mayi wina wa pagulupo anachibweza atafufuta dzina la kumanzere n'kulembapo "Chitenje cha ukwati", ndipo msungichuma anatumiza chake cholembedwa "Kubetcha mpira".